Musanyoze xG musanaiwerenge bwino

Pa 22 February 2021, Brighton idamenya mpira kugolo ka 25 pabwalo lake, Crystal Palace katatu kokha. Palace ndiyo idapambana 2-1: Jean-Philippe Mateta adachinya ndi chidendene, Christian Benteke n'kudzatsiriza ntchito woimbira atatsala pang'ono kuliza wezulo yomaliza. Masewero ngati amenewa ndi omwe anthu onyoza xG amathamangira kutchula. Akuti nambala zimanama, mpira ndi zigoli basi. Ine ndikuti nambalayo sinaname. Iwo akuifunsa funso lomwe siiyankha.

Nambala ya xG siuza munthu timu yoyenera kupambana. Imayeza kukula kwa mwayi wa mpira uliwonse womenyedwa kugolo, poufanizira ndi mipira zikwizikwi ya m'mbuyomu yomenyedwa pamalo ofanana: mtunda wake, mbali yomwe wosewera adaima, kaya ndi mwendo kapena mutu. Penate imapatsidwa pafupifupi 0.76 chifukwa mwa mapenate anayi, pafupifupi atatu amalowa. Mpira womenyera patali, kunja kwa bokosi, kawirikawiri supitirira 0.05.

Apa ndiye pagona nkhani. Tiyerekeze kuti timu ina yamenya mipira 20 yapatali, uliwonse wa 0.05. Kuphatikiza, xG yake ndi 1.0. Inzake yamenya iwiri yokha, koma pakamwa pa golo, uliwonse wa 0.5. Nayonso 1.0. Pakanema zioneka zofanana, koma yoyambayo, masewero oterowo ataseweredwa ka 100, ingatuluke chimanjamanja pafupifupi ka 36, pomwe yachiwiriyo ka 25 kokha. Choncho mukaona xG, yang'ananinso kuti yachokera m'mipira ingati. Timu yowomba paliponse imatupitsa nambala popanda kutulutsa goloboyi thukuta.

Zilipo zomwe nambalayi siona, ndipo okonda kuitamanda azivomereza. Mpira wodutsa pamphuno pa golo wosapeza woukhudza suwerengedwa n'komwe. Womenya kaya ndi Harry Kane kaya wotchinga kumbuyo, mwayi umalembedwa chimodzimodzi. Komanso timu ikatsogola imabwerera kumbuyo dala, yotsalirayo n'kuwunjika xG yomwe inzakeyo yailolera.

N'chifukwa chake kuweruza mphunzitsi ndi xG ya tsiku limodzi n'kulakwa, monganso kuli kulakwa kumuweruza ndi zigoli za tsiku limodzi. Nambalayi imafuna masewero ambiri. Brighton ya Graham Potter idamaliza ligi ya 2020/21 pa nambala 16, zigoli zake zitachepa kwambiri poyerekeza ndi mipata yomwe inkapanga. Woyang'ana tebulo lokha akadati mphunzitsiyo achoke. Eni timu sadamuchotse, ndipo chaka chotsatira timuyo idamaliza pa nambala 9.