Woweruza akayankhula, ndi mawu ati amene ali lamulo?

Ngati mumakhala ku Ulongwe, ku Zobue kapena ku Milanje, mwina mumatsegula wailesi za ku Malawi. Mwina munamva nkhani imene inatuluka pa 28 Epulo 2021. Nkhaniyo inati Khoti Lalikulu la Apilo ku Malawi lathetsa chilango cha imfa. Mabungwe oona za ufulu wa anthu anasangalala, ndipo nkhaniyo inafalikira m'mayiko ambiri. Koma mu Ogasiti chaka chomwecho, khoti lomwelo linatulutsa chigamulo chokonzedwanso. M'menemo oweruza anati chilango cha imfa sichinathe. Mpaka lero chidakali m'malamulo a dzikolo.

Kodi khoti linanama? Kodi linabweza mawu chifukwa cha mantha? Anthu ambiri anafunsa choncho. Kuti muyankhe nokha, muyenera kudziwa kaye mmene makhoti a ku Malawi amagwirira ntchito, chifukwa amasiyana ndi athu.

Kuno kwathu tinatengera njira ya Apwitikizi. Woweruza amayamba ndi kutsegula buku la malamulo, ndi kupeza ndime yogwirizana ndi mlandu. Zimene oweruza ena anagamula kale amaziwerenga ndithu, ndipo Khoti Lalikulu la ku Maputo lili ndi udindo woonetsetsa kuti lamulo likugwira ntchito mofanana m'dziko lonse. Koma gwero lenileni ndi lamulo lolembedwa. Ku Malawi ndi ku Zambia anatengera njira ya Angerezi. Kumeneko nawonso ali ndi malamulo olembedwa, koma chigamulo cha khoti lapamwamba chimamanga makhoti onse a pansi pake. Khoti Lalikulu la Apilo likagamula, Khoti Lalikulu liyenera kutsatira. Khoti Lalikulu likagamula, majisitireti ayenera kutsatira, ngakhale mumtima mwake asakugwirizana nazo. Cholinga chake n'chakuti milandu yofanana iweruzidwe mofanana, munthu wa ku Dedza asalandire chilungamo chosiyana ndi cha munthu wa ku Mulanje.

Vuto ndi ili. Chigamulo chimodzi chikhoza kukhala ndi masamba ambirimbiri. Woweruza amafotokoza zimene zinachitika, amatchula milandu yakale, amapereka zitsanzo, ndipo nthawi zina amanenako maganizo ake pa nkhani zina. Mawu onsewa sangakhale lamulo. Choncho maloya amagawa chigamulo pawiri.

Gawo loyamba ndi phata la chigamulo. M'Chilatini amati rasiyo desidendi, kutanthauza chifukwa chimene mlandu wagamulidwira motero. Ili ndi yankho la funso limene anthu otsutsanawo anabweretsa kukhoti. Gawo limeneli ndi lokhalo limene limamanga makhoti ena. Gawo lachiwiri ndi mawu ongonena podutsa. M'Chilatini amati obita dikita. Mawu amenewa akhoza kukhala anzeru, ndipo woweruza wina akhoza kuwamvera ngati amusangalatsa. Koma sakakamizidwa kuwatsatira.

Mungazindikire bwanji phata? Ganizirani nyumba ya udzu. Mukazula mzati, denga limagwa. Mukachotsa kalendala pakhoma, nyumba imakhalabe chilili. Ophunzira malamulo amachita chimodzimodzi ndi chigamulo. Amatenga chiganizo chimodzi, n'kuchichotsa kapena kuchitembenuza, kenako amafunsa kuti: kodi wopambana mlandu akanapambanabe? Ngati akanapambanabe, chiganizocho sichinali mzati. Chinali mawu ongodutsa.

Tsopano tibwerere ku nkhani ya chilango cha imfa, tiyambire kumayambiriro.

Kale, gawo 210 la malamulo a zilango ku Malawi linkanena kuti aliyense wopezeka ndi mlandu wopha munthu mwadala aweruzidwe kuti aphedwe. Woweruza analibe mwayi wosankha. Sankatha kuyang'ana ngati wolakwayo ndi wachinyamata, ngati anali ndi matenda a maganizo, kapena ngati kanali koyamba kupalamula. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, Khoti Lalikulu linagamula kuti chilango chokakamiza chotere n'chosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Onani bwino phata lake. Khotilo silinanene kuti chilango cha imfa chathetsedwa. Linati munthu asaweruzidwe kuti aphedwe popanda kupatsidwa mwayi wofotokoza zifukwa zopepukitsira chilango chake. Mu 2010, pa mlandu wa Yasini, Khoti Lalikulu la Apilo linati akaidi amene anaweruzidwa motsatira lamulo lakalelo ayenera kubwerera kukhoti kuti chilango chawo chionedwenso. Pambuyo pake akaidi oposa 150 anamvedwanso, ndipo ambiri a iwo anatuluka m'ndende.

Charles Khoviwa anali mmodzi wa anthu amene anaweruzidwa motsatira lamulo lakalelo. Nayenso anapempha kuti amvedwenso. Khoti Lalikulu linakana. Apa ndi pamene tikukumana ndi chinthu chachitatu chimene muyenera kudziwa, chomwe ndi kusiyanitsa mlandu.

Woweruza wa khoti la pansi sanganene kuti, "Akuluakulu analakwitsa, ine sinditsatira." Koma ali ndi khomo limodzi lotulukira. Akhoza kuonetsa kuti mlandu umene uli pamaso pake ndi wosiyana ndi wakalewo pa mfundo yofunika. Akatero, chigamulo chakale chimakhalabe ndi mphamvu zake, koma sichigwira ntchito pa mlandu watsopanowu.

Tipereke chitsanzo chongopeka. Tinene kuti khoti lapamwamba linagamula kuti mwini ng'ombe alipire chimanga chimene ng'ombe zake zinadya usiku, chifukwa anasiya khola losatseka. Chaka chotsatira kwabwera mlandu wina. Loya wa mwini ziweto akuti, "Mlandu uja unali wa chimanga, koma uwu ndi wa mapira." Kusiyana kulipo, koma n'kopanda pake. Phata la chigamulo chija silinali pa mtundu wa mbewu. Linali pa kusasamala kwa mwini khola. Koma loyayo akaonetsa kuti mwini ziweto anatseka khola bwinobwino, ndipo mbava ndi imene inathyola chitseko pakati pa usiku, ndiye kuti wakhudza mzati weniweni. Woweruza akhoza kunena kuti chigamulo chakale sichikumumanga pa mlandu uwu. Kusiyana kumene kumawerengedwa ndi kokhako kumene kukukhudza chifukwa chimene mlandu woyamba unagamulidwira.

Pa mlandu wa Khoviwa, kusiyana kumene Khoti Lalikulu linaona kunali kotere: iye anali atachita kale apilo, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo linali litavomereza kale chilango chake. Nanga khoti la pansi lingasinthe bwanji zimene khoti lapamwamba latsimikiza? Ine ndikuona kuti maganizo amenewa sanali opusa. Woweruza amene amalemekeza akuluakulu ake akhoza kuganiza choncho. Koma zotsatira zake zinali zowawa. Anthu awiri oweruzidwa ndi lamulo limodzi lomwelo ankalandira zosiyana. Amene sanachite apilo ankapatsidwa mwayi wofotokoza za moyo wake. Amene anachita apilo ankatsekeredwa khomo.

Khoviwa anapitanso ku Khoti Lalikulu la Apilo. Funso limene anabweretsa linali lakuti: kodi munthu ngati ine, amene apilo yake inatha kale, ali ndi ufulu womvedwanso pa za chilango? Khotilo linati inde. Apa mukuona malire a kusiyanitsa mlandu. Khoti la pansi likhoza kusiyanitsa, koma khoti lapamwamba lili ndi mphamvu yonena kuti kusiyanako sikokwanira.

Chigamulo cha mu Epulo 2021 chinalembedwa ndi woweruza Dunstain Mwaungulu. Iye sanaime pa funso la Khoviwa lokha. Anapitirira n'kulemba kuti chilango cha imfa chenichenicho n'chosemphana ndi ufulu wokhala ndi moyo. Mawu amenewa ndi amene atolankhani anatola.

Tsopano yesani nokha njira ya mzati ija. Chotsani mawu onena kuti chilango cha imfa n'chosaloledwa. Kodi Khoviwa akanapambanabe? Inde. Iye ankangofuna kumvedwanso, ndipo milandu ya Kafantayeni ndi Yasini inali yokwanira kumupatsa zimenezo. Izi n'zimene oweruza ena a m'gululo ananena mu Ogasiti. Anati funso lothetsa chilango cha imfa silinabweretsedwe pamaso pawo, maloya a mbali ziwirizo sanatsutsane pa ilo, ndipo mawuwo anali maganizo a woweruza mmodzi, osati chigamulo cha khoti lonse.

Mwina mukuti uku n'kungozemba. Koma pali chifukwa chimene makhoti amaumirira pa mfundoyi. Khoti limadalira kumva mbali zonse. Gawo 16 la malamulo aakulu a Malawi limateteza moyo, komanso limanena kuti chilango cha imfa choperekedwa ndi khoti loyenera sichiwerengedwa ngati kuchotsa moyo mwachisawawa. Loya wa boma akanafunsidwa, akanatchula ndime imeneyi. Loya wa mbali inayo akanayankha. Oweruza akanamva zonsezo asanagamule. Pa mlandu wa Khoviwa zimenezi sizinachitike. Mawu onenedwa popanda kuyesedwa motere sapatsidwa mphamvu yomanga dziko lonse.

Komabe sindinganene kuti khotilo linachita bwino m'zonse. Panadutsa miyezi pafupifupi inayi lisanawongole nkhaniyi. Nthawi yonseyo akaidi oyembekeza kuphedwa ku ndende ya Zomba, pamodzi ndi mabanja awo, ankakhulupirira kuti chingwe chachoka. Oweruza akanayenera kugwirizana pa zolembazo zisanatuluke. Kusiyana kwa phata ndi mawu ongodutsa n'kodziwika kwa maloya, koma mayi amene mwana wake ali m'ndende amangomva zimene wailesi yanena.

Kuno ku Mozambiki mkangano wotere sungabuke pa nkhani imeneyi. Malamulo aakulu a 1990 analemba poyera kuti m'dziko muno mulibe chilango cha imfa, ndipo a 2004 anasunga mawuwo. Koma ngati m'bale wanu ali ndi mlandu kutsidya kwa malire, ndipo wina wakuuzani kuti "khoti linanena kale," funsani zinthu zitatu: linali khoti liti, funso limene linali pamaso pake linali lotani, ndipo mlandu wa m'bale wanuyo ukufanana ndi umenewo pa mfundo iti.

Ku Malawi palibe munthu amene wanyongedwa ndi boma kuchokera mu 1992, koma makhoti akadali ndi mphamvu yopereka chilango cha imfa. Mawu a Mwaungulu sanafufutike. Loya wina akhoza kuwatenga n'kuwagwiritsa ntchito pokopa oweruza, tsiku limene funsolo lidzabweretsedwe mwachindunji. Njira ina ndi ya aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, amene angasinthe lamulo lolembedwalo.