Batani limodzi, manambala anayi

Lumikizani batani ku Arduino Uno, mulembe pulogalamu yowerenga kuti ladinidwa kangati. Mukadina kamodzi, nambala imatha kudumpha kuchoka pa 7 kufika pa 11. Pulogalamuyo siinaname, yawerenga zomwe yaona.

M'kati mwa batani muli tizitsulo tiwiri. Tikagundana sitigwirana nthawi yomweyo, timayamba tanjanja ngati mpira pasimenti, kugundana ndi kusiyana kangapo. Pa mabatani ambiri ang'onoang'ono zimenezi zimatha pasanakwane mamilisekondi 10. Chala sichimva kanthu, koma tchipi yothamanga pa mamegahetsi 16 imaona kugunda kulikonse ngati kudina kwatsopano. Chizindikiro cha vutoli n'chakuti nambala imadumpha mosiyanasiyana, pena kawiri, pena kasanu, ndipo nthawi zina ngakhale pochotsa chala.

Mankhwala otchipa ali mu pulogalamu. Pini ikasintha, musakhulupirire msanga. Lembani nthawi, muvomereze pokhapokha yakhala osasinthanso kwa kanthawi.

```
static int kale = HIGH, batani = HIGH;
static unsigned long nthawi = 0;
int tsopano = digitalRead(2);
if (tsopano != kale) nthawi = millis();
if (millis() - nthawi > 20) batani = tsopano;
kale = tsopano;
```

Kunjanja kulikonse kumayambitsanso wotchi, choncho `batani` imasintha tizitsulo titakhazikika kwa mamilisekondi 20. Likapezeka batani lamakani, mungosintha 20 kukhala 50, osagwira waya uliwonse. Pewani `delay()`, chifukwa imaimitsa ntchito zina zonse podikirapo.

Njira inayo ndi ya rezisita ndi kapasita. Rezisita ya makiloomu 10 ikokere batani ku mavoti 5, ina yofanana nayo ichoke pabatani kupita ku pini, ndipo kapasita ya mayikulofaradi imodzi ikhale pakati pa pini ndi GND. Kapasita salola voteji kusintha mwadzidzidzi. Podina imakhuthuka kudzera mu rezisita imodzi, ndiye R × C ndi mamilisekondi 10. Potaya batani imadzadza kudzera mu zonse ziwiri, mamilisekondi 20. Kunjanja kwa kanthawi kochepa kumamezedwa m'menemo. Rezisita yachiwiriyo ambiri amaisiya, koma popanda iyo kapasita imakhuthukira m'tizitsulo kamodzin'kamodzi, n'kumatiotcha pang'onopang'ono.

Pali msampha wina. Voteji yoyenda mwaulesi imachedwa pamalire a 0 ndi 1, ndipo tchipi zina zimagwedezeka pamenepo, vuto n'kubwerera. N'chifukwa chake pakati amaikapo 74HC14, yomwe ili ndi malire awiri, wokwerera ndi wotsikira.

Ine batani lodina ndi chala, pomwe pali kale pulogalamu yoliwerenga, sindiligulira kapasita. Mabatani akakhala khumi, tizipangizoto timadzaza bolodi. Koma batani likamapita ku tchipi yowerengera ngati 4017, mulibe pulogalamu yoti idikire. Chimodzimodzinso pini ya `attachInterrupt()`, pomwe kunjanja kulikonse kumadukiza tchipi pa ntchito yake. Pamenepo ndimasefa voteji isanafike pa pini.