Musathamangire kugula batire la wailesi

Anzanga a ku Bolero, ndi inu abale a ku Mzuzu amene mumatitumizira mabatire, wailesi ya sola ikasiya kutchaja tisafulumire kuimba mlandu batire. Bwerekani mita kwa wokonza mafoni. Dzuwa lili pamutu, pukutani fumbi pa sola, muchotse waya wake, muyeze. Sola ya 6V iwerenge 6 kapena kupitirirako. Kenako yezani dayodi: moto uzidutsa mbali imodzi yokha. Ikamalola mbali zonse, usiku batire limabwezera moto ku sola, ndiye ngakhale latsopano lizingotha. Batire la 18650 likadzaza limafika 4.2V. Likatsika pansi pa 2.5V kapena likatupa, pamenepo ndiye gulani lina. Dayodi njotchipa kuposa batire. Ndalama ya fodya isapite pachabe!