Kandimverere anakanena za m'maluwa

Makolo athu ankadziwa kuti mawu akadutsa pakamwa pa mthenga amasintha, n'chifukwa chake anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Masiku ano misonkhano yambiri imajambulidwa pa foni, wina n'kulemba zonse liwu ndi liwu, kenako mlembi n'kufupikitsa masamba 20 kukhala tsamba limodzi. Tsamba limodzilo ndi limene anthu amawerenga ndi kusaina. Ine ndikuti lisasainidwe munthu wina, osati mlembi yemweyo, asanaliyike pambali pa zolemba zonse zija n'kuyerekeza.

Tinene kuti ndi komiti ya sukulu imene ikumanga buloko. Chidule chikuti: "Wapampando anati mmisiri akuba simenti." Mukatsegula zolemba zonse mupeza kuti iwo anati: "Pali ena akuti mmisiri akuba simenti, koma ine umboni ndilibe." Mawu oti "pali ena akuti" agwa panjira, ndipo mphekesera imene wapampando ankaikayikira yasanduka chinenezo chawo. Mmisiriyo akakadandaula kwa amfumu, woyankha mlandu ndi munthu amene sananene. Choncho paliponse pamene chidule chikuti "uje anati", bwererani mukaone amene anali kulankhula, ndiponso ngati ankanena maganizo ake, ankafunsa, kapena ankangobwereza za ena.

Manambala amafuna masamu. Chidule chikuti matumba a simenti otsala ndi 50, pamene msungichuma anati anagula 100 ndipo 85 agwira ntchito. Otsala ndi 15. Fifitini ndi fifite zimamveka mofanana m'kalasi mwa phokoso, ndiye cholakwacho chingakhale m'zolemba zonsezo, osati m'chidule mokha. Zikatero mverani zojambulidwa pa foni, muonenso malisiti.

Chovuta koposa kugwira ndi chimene sichinanenedwe n'komwe, chifukwa chimamveka chanzeru. "Komiti inagwirizana kuti kholo lililonse lisonkhe K2,000 pofika Lachisanu." M'zolemba, kholo limodzi linangopereka ganizo la K2,000, palibe anayankha, nkhani inalowera kwina, ndipo Lachisanu silinatchulidwe. Mlembi sanafune kunama ayi. Anangotseka mpata ndi zimene ankaganiza kuti msonkhano ukanamanga. Komatu makolo adzalipiritsidwa chifukwa cha chiganizo chimenecho.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Osawerenga zolemba zonse kaye n'kumati chidulechi chikumveka bwino, chifukwa mutu umavomereza chilichonse chofanana ndi zimene wangowerenga. Yambirani ku chidule, chiganizo chimodzichimodzi, ndipo pambali pake lembani tsamba ndi mzere pamene mwapeza umboni wake. Mawu ngati "anagwirizana", "anavomereza" ndi "analonjeza" muwatsekere mzere kunsi, chifukwa amafuna kuti mupeze pamene anthu anavomeradi. Chiganizo chimene chasowa tsamba chichotsedwe, kapena chibwerere ku msonkhano wotsatira ngati funso.