Kakulekileta sadziwa kumene muyeso waphonya

Mwana wa sukulu akalemba kuti densite ya kachitsulo kake ndi 2.70845 g/cm³, ndimadziwa kuti wangokopera zimene kakulekileta wamuonetsa. Zida za mu labu yake sizingamupatse manambala asanu ndi limodzi odalirika.

Tiyeni titsate kumene yankholi lachokera. Kachitsuloko n'kobulungira ngati choko. Pa sikelo kalemera magalamu 24.36, ndipo sikeloyo ingaphonye ndi 0.01. Kalipa ya veniya yaonetsa masentimita 7.10 m'litali ndi 1.27 m'mimba mwake, ndipo nayo ingaphonye ndi 0.01. Malo amene kachitsuloko kamatenga timawapeza ndi V = πd²h/4, ndiye kuti 8.99406 cm³. Tikagawa 24.36 ndi nambala imeneyi, densite ija yatuluka.

Kuphonya kwa 0.01 kukuoneka kofanana ponseponse, koma kuluma kwake n'kosiyana. Pochulukitsa ndi pogawa, timaona kuti kuphonyako ndi gawo lanji la muyeso wonse. Pa kulemera ndi 0.04 peresenti basi. M'litali ndi 0.14. M'mimba ndi 0.79, ndipo poti d amadzichulukitsa yekha, kuphonyako kumawirikiza kawiri n'kufika pa 1.57 peresenti. Mukangophatikiza zonse mupeza 1.75. Koma miyeso itatuyi siphonyera mbali imodzi nthawi zonse, choncho ambiri amachulukitsa nambala iliyonse ndi iyo yomwe, n'kuphatikiza, n'kutenga sikweya ruti. Apa zimapereka 1.58 peresenti, kutanthauza kuti sikelo ndi muyeso wa m'litali sizinawonjezerepo kanthu kwenikweni. Pa 2.708, gawo limeneli ndi 0.04, ndiye yankho loona ndi 2.71 ± 0.04 g/cm³. Densite ya aluminiyamu, 2.70, ili m'kati mwa malire amenewa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'kudula manambala pakati pa njira. Wina amagawa 1.27 pawiri, apeza 0.635, n'kulemba 0.64 poti ikuoneka yaudongo. Malo aja amakwera kufika 9.14, densite n'kutsikira pa 2.67. Cholembera chokha chasuntha yankho ndi 0.04, mofanana ndi kuphonya kwa zida zonse pamodzi. N'chifukwa chake pakati pa masamu timasunga nambala imodzi kapena ziwiri zowonjezera, n'kudula kamodzi kokha kumapeto, molingana ndi pamene pathera kuphonyako.

Wofuna yankho lothina asataye nthawi kusaka sikelo yodula. Ayeze m'mimba ndi maikulomita, imene imawerenga mpaka 0.001 cm. Zija 1.57 zitsikira pa 0.16, zonse pamodzi zikhala pafupifupi 0.22 peresenti, kapena ± 0.006. Koma ayambe watseka maikulomitayo n'kuona ngati ikulozadi pa ziro. Ikakhala kuti imawonjezera 0.002 cm pa muyeso uliwonse, kubwereza kuyeza sikungaulule zimenezi, ndipo ayenera kuchotsa 0.002 imeneyo pa d asanayambe kuchulukitsa.