Alendo akadwala pambuyo pa ukwati, mlangizi wa zaumoyo amve tsiku lomwelo

Ukwati ukatha Loweruka, alendo amabalalika. Ena amabwerera kumudzi, ena amakwera minibasi kupita kutauni. Ngati chakudya cha paphwando chinali ndi vuto, odwala nawonso amabalalika chimodzimodzi: awiri kuchipatala chaching'ono chapafupi, mmodzi kuchipatala cha mishoni, atatu kuchipatala cha boma, ndipo ambiri amangogona kunyumba. Ife amene timaona odwala timalandira munthu mmodzimmodzi. Mayi akabwera akusanza, timamuthandiza n'kuitana wotsatira, osadziwa kuti anthu ena makumi awiri amene anadya naye mbale imodzi akusanzanso kwina. Amene amayamba kudziwa kuti odwala ndi ambiri ndi eni ukwati, ankhoswe ndi amayi amene anaphika, chifukwa mafoni amalira kwa iwo.

Maganizo athu ndi akuti anthu awiri kapena kuposerapo akadwala mofanana atadya pamalo amodzi, nkhaniyo ifike kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, amene ambiri timangomutchula kuti HSA, tsiku lomwelo. Musadikire kuti odwala achuluke, ndipo musadikire kuti mudziwe chimene chachititsa. Kufufuza chimenecho ndi ntchito ya azaumoyo. Mlangizi akapanda kupezeka, uzani amene akuyang'anira chipatala chapafupi, ndipo munene momveka kuti odwalawo anadyera pamodzi. Iwo amauza ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, chifukwa ndondomeko imene Unduna wa Zaumoyo umatsata imafuna kuti nkhani ngati iyi ikwere pamwamba pasanathe maola 24.

Tikudziwa chimene chimagwira anthu pakamwa. Banja lawononga ndalama zambiri, ndipo silifuna kuti ukwati wa mwana wawo uzikumbukiridwa ndi matenda otsegula m'mimba. Kuchimuna amaopa kuti akuchikazi aziti mwatiyalutsa. Penanso nkhani imakhotera kwina: wina anathira mankhwala mumphika chifukwa cha nsanje, kapena ndi zamasalamusi. Pamene akuluakulu akukambirana zoti aitane ndani pabwalo, chakudya chotsala chija, chimene alendo ananyamula m'majumbo ndi m'mabakuli, chikutenthetsedwa Lamulungu m'mawa n'kupatsidwa kwa ana amene sanapite n'komwe kuukwati. Mlangizi akamva msanga, chinthu choyamba chimene amachita n'kutumiza uthenga woti wina aliyense asadyenso zotsalazo.

Chifukwa china n'chakuti si kutsegula m'mimba konse kwa paphwando kumene kumatha kokha. Kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 anafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo kolera amayenda mosavuta pamene anthu ambiri akumwa madzi amodzi kapena kusamba m'manja m'beseni limodzi. Tsiku loyamba, banja silingathe kusiyanitsa palokha.

Nanga mukafika kwa mlangizi munene chiyani? Mawu oti “anthu ambiri adwala” samuthandiza kwenikweni. Chimene chimathandiza ndi pepala. Tengani kope, ndipo munthu aliyense akhale ndi mzere wake: dzina, zaka, kumene akukhala, zonse zimene anadya ndi kumwa, nthawi imene anadya, nthawi imene anayamba kudwala, ndi mmene akumvera. Amakomiti a zaumoyo m'midzi, iyi ndi ntchito imene mungaigwire bwino kuposa wina aliyense, chifukwa anthuwo mumawadziwa. Ndipo musaiwale kulembanso amene anadya koma sanadwale. Ambiri amadabwa tikanena zimenezi, koma popanda iwo pepalalo silinena kanthu.

Tiyerekeze ukwati wina. Mpunga unaphikidwa m'mapoto akuluakulu kuyambira mbandakucha, n'kuthiridwa m'mabeseni ovindikira kudikira kuti perekaniperekani athe. Anthu anayamba kudya 2 koloko masana. Pofika 5 koloko madzulo ena ayamba kusanza kwambiri, koma thupi silikutentha. Aliyense akuloza nkhuku, poti ena akuti inkamveka kafungo. Mlangizi ndi akomiti akwanitsa kufunsa anthu 50, ndipo 23 mwa iwo anadwala. Amene anadya nkhuku ndi 40, ndipo 18 anadwala. Amene sanaikhudze ndi 10, koma 5 anadwala ndithu. Ndiye kuti kaya munthu anadya nkhuku kaya ayi, pafupifupi theka anadwala, choncho nkhuku ilibe mlandu. Tikayang'ana mpunga zinthu zikusintha. Mwa anthu 30 amene anadya mpunga, 21 anadwala, pamene mwa 20 amene anasankha nsima, odwala ndi 2 okha. Awiriwo mwina analawako m'mbale ya mwana, kapena aiwala chabe, ndipo zoterezi zimapezeka pafupifupi nthawi zonse. Chikanakhala kuti analemba odwala okha, akanaona kuti 18 mwa 23 anadya nkhuku, n'kutsimikiza zolakwika.

Nthawi imene munthu anayamba kudwala ndi yofunika ngati chakudyacho, n'chifukwa chake timafuna ola, osangoti “usiku”. Kusanza kumene kwayamba pasanathe maola 6 kumasonyeza kuti tizilombo tinali titapanga kale poizoni m'chakudya chisanadyedwe. Mpunga umachita zimenezi kawirikawiri. Muli mtundu wa tizilombo timene sitifa mpunga ukamawira, ndipo ukakhala maola ambiri uli wofunda timachulukana n'kutulutsa poizoni amene satha ngakhale mutautenthetsanso. Chakudya chimene chagwiridwa ndi munthu wa chilonda chamafinya padzanja chimachitanso chimodzimodzi. Ngati m'mimba mwayamba kupotokola ndi kutsegula patapita maola 6 mpaka 24, timaganizira nyama ya msuzi imene inazizira pang'onopang'ono mumphika waukulu. Ngati padutsa tsiku limodzi mpaka atatu ndipo thupi likutentha, timaganizira tizilombo tonga salimonela, timene timapezeka m'nkhuku yosapsa bwino, m'mazira, kapena m'saladi wodulidwira pathabwa pamene panali nyama yaiwisi. Choncho munthu amene wadwala Lachiwiri angakhale kuti akudwala chakudya cha Loweruka, osati chimene wadya dzulo lake.

Pali zizindikiro zina zimene siziyenera kudikira pepala. Chimbudzi chamadzimadzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga, chotuluka chambiri ndi pafupipafupi, chitengedwe ngati kolera mpaka achipatala atanena zina. Munthu amene pasanathe ola limodzi wayamba kuchucha dovu, kutuluka thukuta, kunjenjemera ndi kubanika angakhale kuti wadya mankhwala ophera tizilombo m'munda kapena makoswe, ndipo zimenezi zimachitika ngakhale popanda woipa mtima, mwachitsanzo ngati thobwa lasungidwa m'chigubu chimene munali mankhwala. Amene anamwa kachasu n'kuyamba kuona mwachimbuuzi nayenso athamangitsidwe kuchipatala. N'chimodzimodzi mwana amene maso alowa m'kati, amene akulephera kumwa kapena kuyamwa, amene wafooka moti akungogona, komanso aliyense amene chimbudzi chake chili ndi magazi. Amayi oyembekezera ndi agogo musawasunge kunyumba nthawi yaitali.

Ena onse ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kulorini. Mwana wosakwana zaka 2 apatsidwe mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi, wamkulupo mpaka zaka 10 apatsidwe 100 mpaka 200, pang'onopang'ono ndi supuni ngati akusanza, ndipo woyamwa asasiye bere. Chimene tikukupemphani kuti musachite n'kugula bakitirimu kapena fulajilu pagolosale n'kugawira banja lonse. Ngati vuto ndi poizoni wa mumpunga, mankhwalawa sathandiza chilichonse. Ngati ndi tizilombo tamoyo, angachititse kuti tisapezeke poyeza chimbudzi, ndipo mwayi wodziwa chimene chadwalitsa anthu umatayika.

Za chakudya chotsala, manyazi amachititsa anthu kuchikwirira msanga kapena kuponyera agalu. Chisungeni kaye. Mtundu uliwonse ukhale m'chiwiya chakechake choyera ndi chovindikira, mulembepo chimene chili m'katimo ndi tsiku, n'kuchiika pozizira, kaya m'firiji kaya m'bokosi la ayezi, kutali ndi ana komanso chakudya china. Osasakaniza. Sungani ndi thobwa lomwe, ndipo muonetse mlangizi kumene munatunga madzi. Amayi amene anaphika afotokoze okha mmene zinayendera: anayamba nthawi yanji, chakudya chinadikira maola angati, alipo amene anali ndi chilonda kapena amene ankatsegula m'mimba sabata imeneyo. Mafunsowa si a kupolisi. Koma tiwauzenso anzathu azaumoyo kuti mukafika pakhomo ndi nkhope ya woweruza, wophika amene anali ndi bala pachala adzabisa dzanja m'chitenje, ndipo banja lotsatira silidzabweranso kudzanena.

Tinene zoona: nthawi zambiri labotale siitchula dzina la kachilombo. Zoyeza zimafika mochedwa, chakudya chimakhala chitatha, ndipo si chipatala chilichonse chimene chili ndi zipangizo zoyezera chakudya. Ena angafunse kuti nanga tivutikirenji. Mu ukwati taupereka chitsanzo uja, pepala lokha linali lokwanira kuletsa mpunga wotsala, kuchotsa mlandu pa amene anagulitsa nkhuku, ndi kuthetsa mphekesera yoti mlamu wina anathira mankhwala. Ngati ophikawo ndi gulu lolembedwa ganyu limene lili ndi ukwati wina Loweruka likubwerali, mlangizi angawapeze lisanafike n'kugwirizana nawo kuti mpunga uziphikidwa m'magawo pafupi ndi nthawi yodyera, kapena uzikhala pamoto uli wotentha kwambiri, popeza chakudya chophika sichiyenera kukhala poyera kupitirira maola 2.

Ndipo mukapereka pepalalo, musalitseke. Alendo akutali amamveka mochedwa, ndipo matenda ena amatenga masiku kuti aonekere, kolera mpaka masiku 5. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri aimbire anthu awo, ndipo aliyense wodwala amene wangomveka kumene aonjezedwe pamndandanda, mlangizi auzidwe. Amene akupita kuchipatala chakutali akanene kumeneko tsiku ndi malo a ukwatiwo, kuti wolemba m'buku lachipatala alembe zimenezo.