Mphuno ni yanu, koma funsani musanalasidwe nyeleti

Mnzanga wina ananionetsa cithunzi pa foni. Afuna mphuno yopyapyala, ndipo anamva kuti kuli saluni ina mu Lusaka kumene amalasa fila pa mphindi 30 cabe. Sindinamuletse, nkhope ni yake. Ninangomufunsa kuti afuna kuwonjezera kapena kucepetsa.

Funso limeneli ndilo limathetsa nkhani. Fila ni mankhwala onga phala la hayaluroniki asidi, amene amalasa pansi pa khungu. Nchito yake ni kudzaza. Ngati msana wa mphuno ni wophwatalala, mililita imodzi kapena yocepera imaukweza, ndipo mphuno imaoneka ngati yapyapyala. Koma fila siicotsa kanthu, ndipo thupi limaisungunula pakatha caka cimodzi kapena caka ndi theka. Mukafuna maonekedwe aja, mulipiranso.

Mnzangayo vuto lake linali mapiko a mphuno otambalala. Pamenepo fila siingathandize. Ni opaleshoni yokha imene imacepetsa, podula kacidutswa m'munsi mwa mapikowo. Zotsatira zake zimakhalitsa, koma kutupa kumatenga nthawi kuti kutheretu, makamaka pa khungu lokhuthala. Cipsera cimatsala, ndipo amene zipsera zawo zimafufuma akaboola makutu afunika kuuza dokotala asanayambe. Ena amavutika kupuma pambuyo pake, ena amabwereranso kukakonzetsa.

Anthu ambiri amayesa fila ni yopepuka cifukwa palibe mpeni. Ine nikana. Mitsempha ya magazi ya pamphuno ni yolumikizana ndi ya m'maso. Fila ikalowa mumtsempha imatseka magazi, khungu lingafe, ndipo nthawi zina, ngakhale sizicitika kawirikawiri, diso limacita khungu. Zizindikiro zake ni ululu woopsa, khungu lotuwa kapena la mawangamawanga, ndi kuona mwacimbuuzi. Pa khungu lakuda kutuwako kumavuta kuzindikira, conco ululu usanyalanyazidwe. Izi sizodikira mawa. Mankhwala ochedwa hayaluronidezi amasungunula fila ndi kupulumutsa khungu akalasidwa msanga, koma diso nthawi zambiri silibwerera. Silikoni wamadzi ndiye alibiretu comusungunula.

Maganizo anga ni akuti fila imayenera munthu wofuna kukweza pang'ono, amene sanacitidwepo opaleshoni ya mphuno, pakuti zipsera zakale zimawonjezera ngozi. Wofuna kucepetsa asataye ndalama pa nyeleti, asunge za opaleshoni kapena aikonde mphuno yake mmene ilili.

Ciliconse cimene mwasankha, funsani ngati wokugwirani ni dokotala wolembetsedwa ku HPCZ, muone bokosi la mankhwala lisanatsegulidwe, ndipo akuonetseni hayaluronidezi m'cipinda momwemo. Mnzanga anatumiza mafunso amenewa ku saluni ija. Anamuyankha za mtengo wotsitsa cabe, ndipo sanapite.